Ndituluke m'penshoni ya kuntchito?

Azakhali,

Ndili ndi zaka 25 ndipo ndangoyamba ntchito kuno ku Mangalande. Ndimalandira £2,000 pamwezi. Andilowetsa m'thumba la penshoni, akundidula 4 peresenti, ndipo akuti kampani izisonkha zofanana ndi zanga mpaka 6 peresenti. Sindikumvetsa. Kumudzi akudikira fizi, komanso sindidzakalambira kuno. Kodi ndituluke kaye?

Wosokonezeka, Leeds

Mwanangu,

Usatuluke. Kwathu ku Malawi lamulo linaika kale kuti wantchito asonkhe 5 peresenti, bwana 10. Ku Mangalande kumeneko lamulo limangofuna kuti zonse pamodzi zikwane 8 peresenti, gawo la bwana lisachepere 3. Kampani yako yapitirira pamenepo, koma imayamba yaona dzanja lako.

Pano ukuika £80, iwonso £80. Ukakweza kufika 6 peresenti uziika £120, iwonso £120, m'thumba muzilowa £240 pamwezi. Ukapyola apo, iwo aima pa £120 pomwepo. Ndiye pa 4 peresenti ukuwasiyira £40 mwezi uliwonse, £480 pachaka. Ukatuluka, gawo lawo sadzakuwonjezera pamalipiro ayi, angolisunga. Komanso boma silidula msonkho pa ndalama yopita kupenshoni, choncho £120 ija imakupweteka ngati £96 basi.

Za "kaye" zija ndiye ndakana. Ndalamazi amaziika m'masheya ndi m'mabizinesi ena, phindu lake nkumaberekanso phindu, ngati mbuzi yomwe ana ake ayamba kuswa. Chaka chimodzi cha £240 pamwezi ndi £2,880. Tingoyerekeza kuti zikukula ndi 4 peresenti pachaka (sindikulonjeza, misika imagwa nthawi zina). Pofika zaka 60, za chaka chino chokha zidzakhala zitapitirira £11,000. Ndalama yomweyo ukaiika uli ndi zaka 45, idzangofika cha m'ma £5,200. Ndipo miyezi imene unali kunja kwa thumba, bwana sadzakulipirira m'mbuyo.

Vuto lilipo, sindikubisa. Ndalamayi ndi yotsekeredwa. Pano munthu amaitenga akakwana zaka 55, ndipo kuyambira 2028 zikhala 57. Fizi kapena maliro sungatapepo. Koma ukasiya ntchito kapena kubwerera kumudzi, imakhalabe m'dzina lako, ya bwana yomwe. Uzingowadziwitsa osunga thumbalo ukasintha keyala.

Ngati £32 yowonjezera pamwezi ikukulemera pano, khala pa 4 peresenti, udzakweze malipiro akakwera. Ngati ungathe, pita ku ofesi yoona za antchito sabata ino ukalembetse 6. Ukawafunsenso ngati maperesentiwo amawerengera pa malipiro onse kapena gawo chabe, chifukwa makampani ena amachotsa kaye £520 yoyambirira ya pamwezi. Mwezi wotsatira ukaone pepala la malipiro ngati gawo lawo lakweradi.

Azakhali