Malangizo: Werengani pepala la mmisiri musanalipire

Mmisiri akakupatsani pepala la mitengo, yambani mwayang'ana mabuloko. Khoma la mamita 10 m'litali ndi mamita 3 kupita m'mwamba limakwana masikweyamita 30. Sikweyamita imodzi imadya mabuloko 12 ndi theka, ndiye khomalo lifuna 375. Onjezani pang'ono a osweka, mufike 400. Mukaona 600, funsani. Malo a zitseko ndi mawindo achotsedwenso.

Zosowa papepalalo ndizo zimandidetsa nkhawa kwambiri. Kodi alembapo pulasitiki yotchinga chinyezi, mankhwala a chiswe, zitsulo za lintala, madzi, ndi mtengo wonyamulira mchenga? Ngati palibe, mudzalipira nokha ntchito ili pakati. Mzere wongoti "zina ndi zina" muukane, abambo ndi amayi, mpaka atchule chilichonse ndi mtengo wake.