Kusandutsa lipoti lalitali la amisiri kukhala imelo yaifupi yomveka

Msewu wochoka pa boma la Kasungu kupita ku Lifupa, m'nkhalango ya Kasungu National Park, umadutsa minda ndi maesiteti a fodya musanafike pa chipata cha Lisitu. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, nkhawa ya alimi akumeneko imakhala madzi a ku nazale. Madzi m'mijigo amakhala atatsika, mvula isanagwe, ndipo pampu ya sola ikayamba kuvuta mmisiri amaitanidwa mwachangu. Iye amayeza zonse n'kulemba lipoti la masamba anayi. Koma mwini munda mwina ali ku Lilongwe, akuwerenga pa foni, ndipo za mavoti ndi maampu sazidziwa. Chimene akufuna ndi kudziwa choti achite mbande zisanafote. Malangizowa ndi a inu amene muyenera kumulembera.

Tiyeni tiyende ndi chitsanzo chimodzi. Lipoti likuti mapanelo ali bwino, mawaya ali bwino, pampu siinapse. Mjigo ndi wakuya mamita 45, pampu ili pa mamita 30. Ikapopa kwa kanthawi madzi amatsika kufika pa mamita 29, kabokosi koyendetsa pampu kamayatsa chizindikiro cha DRY RUN n'kuizimitsa kuti isapse. Kale inkapopa malita 20,000 pa tsiku, pano ikupopa 8,000, pamene nazale ikufuna 12,000. Mmisiri akuti pampu itsitsidwe mamita 9.

1. Yambani ndi funso lakuti mukufuna kuti achite chiyani

Musanalembe liwu lililonse, tsekani lipotilo ndipo nenani mokweza chiganizo chimodzi: "Ndikufuna kuti bwana avomereze ndalama zotsitsira pampu pofika Lachitatu." Ngati chiganizo chotere chikukukanikani, ndiye kuti lipotilo simunalimvetse, bwererani kwa amene anayeza mukafunse. Pempholi ndilo msana wa imelo yonse. Chilichonse chimene sichikumuthandiza kuyankha kuti inde kapena ayi chikhale kunja.

2. Sankhani zinthu zinayi m'lipotimo

Tengani cholembera mudule mzere pansi pa mayankho a mafunso awa: chavuta n'chiyani, chikuwononga chiyani pa ntchito yake, mankhwala ake ndi otani ndipo ndi ndalama zingati, ayankhe pofika liti. Lipoti la mmisiri limatsata mmene ntchito inayendera: tinafika, tinayeza mapanelo, tinatsegula kabokosi, kenako tinapeza vuto. Imelo iyenera kuyambira kumene lipoti lathera. Masamba awiri ofotokoza zinthu zimene zapezeka kuti zili bwino afinyeni akhale mawu ochepa: "Pampu ndi mapanelo n'zabwinobwino." Koma mawuwa musawasiye, chifukwa ndi amene amamuchotsa mantha akuti agula pampu yatsopano.

3. Manambala aikeni m'miyeso ya pa munda

Munthu sangaone m'maso malita 8,000, koma thanki yake amaidziwa. Ngati ndi ya malita 5,000, muuzeni kuti inkadzadza kanayi pa tsiku ndipo tsopano siikudzadza ngakhale kawiri. Madzi operewera, malita 4,000, ndi migolo 20 ya malita 200 imene anyamata akuyenera kutunga kwina tsiku lililonse. Apa waona ngolo, ng'ombe ndi malipiro a aganyu. Mawu a DRY RUN musawalembe, nenani tanthauzo lake: madzi akatsika, pampu imazima yokha podziteteza. Manambala asapitirire anayi kapena asanu, ndipo mtengo ndi tsiku zisasowe.

4. Musafupikitse mpaka kubisa chokayikitsa

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Mmisiri walemba kuti kutsitsa pampu kuthandiza ngati madzi olowa mu mjigo akukwanira. Ngati ndi ochepa kuposa amene pampu ikukoka, idzazimabe. Walembanso kuti sangaitsitse kupitirira mamita 39, chifukwa pafupi ndi pansi imayamba kukoka mchenga umene umaidya m'kati. Wofupikitsa wofulumira amangolemba kuti "tikatsitsa pampu vuto latha." Bwana amalipira, madzi osabwerera onse, chikhulupiriro n'kutha. Liwu lakuti "ngati" likapezeka m'lipoti, lipezekenso mu imelo, pamodzi ndi chimene mudzachite zikakanika.

5. Lembani mutu wonena nkhani, moni wamfupi, kenako pempho

Mutu wakuti "Lipoti" kapena "Za pampu" suuza munthu kuti atsegule lero. Mutu unene vuto ndi tsiku. Ulemu usatayike chifukwa cha kufupikitsa: moni wa mzere umodzi ndi wokwanira, ndipo "ndikupempha" si liwu lotalikitsa kalata. Imelo ya chitsanzo chathu ingakhale yotere, mtengo wake ndi wongoyerekeza:

Mutu: Madzi a ku nazale achepa, tikupempha yankho pofika Lachitatu

Bwana, ndikhulupirira muli bwino.

Ndikupempha kuti muvomereze K450,000 yotsitsira pampu ya pa mjigo mamita 9. Ndalamazi ndi za mapaipi, waya ndi ntchito.

Pampu ndi mapanelo n'zabwinobwino. Vuto ndi lakuti madzi mu mjigo atsika ndi chilimwechi, ndiye pampu ikumazima yokha kuti isapse. Thanki inkadzadza kanayi pa tsiku, pano siikufika kawiri, ndipo ku nazale kukuperewera migolo 20 tsiku lililonse.

Mukavomereza pofika Lachitatu, tigula zipangizo ku Kasungu Lachinayi ndi kugwira ntchito Lachisanu. Tsiku limenelo madzi sadzatuluka, choncho akapitawo adzadzitsiretu thanki.

Tikuyembekeza kuti madzi akwanira nazale ngati olowa mu mjigo ali okwanira, koma tidzatsimikiza pampu ikagwira tsiku lathunthu. Akapereweranso, tidzakambirana zotunga kwina mpaka mvula itagwa.

Lipoti lonse ndaliphatikiza. Ine wanu,

Onani kuti munthu atangowerenga mizere itatu yoyamba foni n'kuzima, wadziwa kale chofunika.

6. Iyeseni musanatumize

Werengerani imeloyo munthu amene si mmisiri, kaya mlembi wa pa ofesi kaya mlonda, kamodzi kokha. Mufunseni kuti chavuta n'chiyani, bwana achite chiyani, ndipo liti. Akakayikira pa funso limodzi, konzani pamenepo. Kenako yerekezani nambala iliyonse ndi ya m'lipoti, pakuti ziro mmodzi wosowa pa mtengo amabala mkangano. Ngati lipoti analemba ndi munthu wina, muonetseni chidulecho avomereze kuti simunapotoze mawu ake. Lipoti lonselo litumizeni ngati PDF yopepuka, kuti itseguke ngakhale netiweki ikuvuta, ndiponso kuti mmisiri wina akadzafunsidwa maganizo adzapeze miyeso yonse.

Imelo yalephera ngati yankho lake ndi "ndiye mukuti bwanji?" kapena ngati bwana aimbira akapitawo kuti amumasulire. Nthawi zambiri chifukwa chake n'chakuti pempho linabisala kumapeto, kapena munaika nkhani ziwiri m'kalata imodzi. Ngati lipoti latchulanso mpanda wa mapanelo wothyoka, umenewo ulembereni imelo yakeyake mawa. Lachitatu m'mawa likafika popanda yankho, imbani foni ndi kubwereza chiganizo chanu chimodzi chija, chifukwa mbande zikafota m'mabedi, mvula ya Disembala idzapeza mlimi alibe chowokera.