Kalembedwe ka dzina la bizinesi

Kalata ya womvera wina ikufunsa ngati kubwereza lembo m'dzina la sitolo kungasokoneze makasitomala. Kungasokoneze ndithu, makamaka dzinalo likamveka pawailesi munthu asanalione.

Chitsanzo chabwino ndi Zoona, kampani yotumizira ndalama yomwe inayambira ku Zambia n'kufika kuno ku Malawi. Mawu amenewa ena amalemba zoona, ena zowona, pamene wozolowera Chingerezi akaona `oo` amatchula ngati u. Pofufuza pa Google, makina kawirikawiri amakonza okha zolakwika za dzina lodziwika kale, koma dzina latsopano amatha kulisintha n'kuonetsa mawu ena. Adiresi ya pa intaneti ndiye siilola kuphonya: lembo limodzi likasowa, kasitomala amafika kwina.

Nako kankhodolero ka m'mawu ngati ng'ombe sikaloledwa m'ma adiresi otere, choncho pamatsala `ngombe`.

Njira yoyesera ndi yosavuta. Mwini bizinesi atchulire dzinalo anthu 10 pafoni, aliyense alilembe yekha. Atatu akalemba mosiyana, dzinalo lisinthidwe chikwangwani chisanalembedwe, kapena kalembedwe kenako kalembetsedwenso kuti kaziloza ku tsamba lomwelo.