Chiwongoladzanja pa Invoisi: Mawu Ake ndi Nthawi Yake

Ambiri a ife timayamba kuganiza za chiwongoladzanja pamene wogula wachedwa kale kulipira, chakudya cha nkhuku chatha, ndipo mtima wakwiya. Pamenepo nthawi yapita. Invoisi imabwera malonda atachitika, choncho mawu atsopano olembedwa pamenepo samanga wogula amene sanawavomere poyamba. Chiwongoladzanja chimatchulidwa tsiku lopangana mtengo, katundu asanachoke pakhomo, ndipo wogula asaine pepala la panganolo.

Tiyeni titenge chitsanzo. Mlimi wapereka mathireyi 100 a mazira ku sitolo pa K60 thireyi limodzi, pamodzi K6,000. Invoisi yalembedwa pa 2 Marichi, ndipo anapangana masiku 30. Pansi pake, pafupi ndi chiwerengero cha ndalama, alembe motere:

"Lipirani pofika pa 1 Epulo. Ndalama iliyonse yotsala likapita tsikuli idzakhala ndi chiwongoladzanja cha 2 peresenti pa mwezi wa masiku 30, chowerengedwa tsiku ndi tsiku pa ngongole yokha mpaka italipidwa, monga tinapanganira."

Onani kuti tsiku latchulidwa lenileni. Tikangolemba kuti "masiku 30", wogula adzati iye amawerenga kuyambira pamene invoisi inafika pa tebulo la akauntanti wake. Mawu akuti "pa mwezi" nawonso asasiyidwe, pakuti 2 peresenti pa chaka ndi kanthu kochepa zedi. Ndipo akuti "pa ngongole yokha" akutanthauza kuti chiwongoladzanja sichibereka chinzake.

Tsopano masamu. Pa K6,000, 2 peresenti ndi K120 pa mwezi, ndiye kuti K4 pa tsiku. Sitolo ikalipira pa 16 Meyi yachedwa masiku 45, ndipo iwonjezere K180. Koma ikanapereka K4,000 pa 1 Epulo, tikanawerengera pa K2,000 yotsalayo, ndipo masiku 45 omwewo akanabala K60 yokha. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, n'kudana ndi wogula wabwino chifukwa cha masamu athu omwe.

Ena amalemba 30 peresenti pa mwezi kuti aopseze. Sitikuvomereza. Imeneyo ndi kaloba, ndipo khoti likhoza kukana chiwongoladzanja chooneka ngati chilango osati chobwezera zimene mlimi wataya podikira.

Kutatsala sabata imodzi kuti tsiku lifike, tumizani uthenga waulemu wokumbutsa tsikulo ndi ndalama zake. Chiwongoladzanja musachitchule, pakuti munthu asanalakwe saopsezedwa. Tsiku likapita, lembani kuti: "Invoisi ya pa 2 Marichi ya K6,000 sinalipidwe. Kuyambira pa 2 Epulo ikuwonjezeka ndi K4 pa tsiku." Ngati mwasankha kukhululukira kasitomala wakale, mulembereni kuti mwakhululuka ulendo uno wokha, kuti asadzanene mawa kuti panganolo linafa.