Foni ya Mabatani Ikukumbutseni Ntchito za M'munda wa Fodya

Achikumbi ndi matenanti nonse, mukudziwa kuti fodya sadikira munthu. Feteleza wobereketsa akachedwa ndi sabata imodzi, kapena mphukira zikasiyidwa kuti zikule, masamba amapepuka, ndipo zotsatira zake mumaziona pa sikelo. Kawirikawiri kuchedwako sikubwera chifukwa cha ulesi ayi, koma kuiwala, popeza miyezi ya Disembala ndi Januwale ntchito zimachuluka. Phunziro lino likuonetsani mmene foni wamba ya mabatani ingakukumbutsireni tsiku la ntchito iliyonse, ngakhale kwanuko kulibe intaneti ndipo netiweki imabwera mwa apo ndi apo.

Njira yake ili ngati mafuwa atatu a pamoto. Fuwa loyamba ndi kabuku, lachiwiri ndi alamu ya m'foni, lachitatu ndi uthenga wochokera kwa mnzanu. Mukachotsapo limodzi, mphika ugwa.

Fuwa loyamba: kabuku

Masiku onse alembedwe poyamba m'kabuku ndi bolopeni, chifukwa foni imatha kubedwa, kugwera m'madzi kapena kufa. Tsiku lofunika koposa ndi lomwe mwawokera fodya, popeza ntchito zina zonse zimawerengedwa kuchokera pamenepo.

Tiyerekeze kuti mvula yagwa bwino ndipo mwawokera bale wanu Lachiwiri pa 5 Disembala, ndi kuthira feteleza wokulitsa m'masiku oyambirirawo. Tsono lembani motere. Pa 12 Disembala, patatha sabata imodzi, mukhale mutamaliza kupakiza m'mapando momwe mbande zafa. Pa 26 Disembala, patatha masabata 3, muthire feteleza wa CAN. Pa 23 Januwale, patatha masabata 7, muyambe kuyendera munda kuona ngati maluwa ayamba kutuluka kuti mudule nsonga. Mukadula, muzichotsa mphukira sabata ndi sabata. Alangizi a kwanuko akakupatsani masiku osiyana ndi awa molingana ndi mtundu wa fodya wanu, tsatirani awo, koma kawerengedwe kake nkomweka.

Taonani kuti mukamawerenga m'masabata athunthu, masiku onsewa akugwa Lachiwiri. Motero Lachiwiri lasanduka tsiku la fodya pakhomo panu, ndipo ngakhale mwana wasukulu angathe kukukumbutsani. Ngati munawokera minda iwiri pa masiku osiyana, munda uliwonse ukhale ndi tsamba lakelake m'kabukumo.

Pambali pa tsiku la ntchito lembaninso tsiku lokonzekera. Kukumbutsidwa za feteleza m'mawa wa pa 26 Disembala n'kosathandiza ngati thumba likadali kusitolo kapena ku nyumba yosungiramo katundu ya pa esiteti, makamaka poti dzulo lake linali Khirisimasi. Choncho tsiku lokatenga feteleza ndi kupangana ndi aganyu likhale pa 21 kapena 22 Disembala.

Fuwa lachiwiri: alamu

Alamu ya m'foni siifuna mayunitsi, netiweki kapena intaneti. Imangofuna moto m'batire ndi wotchi yolondola. Anthu ambiri amalakwitsa potchera maalamu ambirimbiri, kenaka likalira sadziwa kuti likunena chiyani, nangolizimitsa. Inu tcherani limodzi lokha. Lowani pomwe palembedwa Alarm, ikani 6 koloko madzulo, nthawi yomwe mwaweruka kumunda, ndipo pa Repeat sankhani masiku onse. Ntchito ya alamuyi ndi imodzi: likalira, tsegulani kabuku ndi kuwerenga za mawa ndi za mkuja. Mukagwira ntchito, chongani m'kabukumo tsiku lomwelo.

Mafoni ambiri a mabatani alinso ndi Calendar, pomwe mungalembe mawu ochepa pa tsiku lomwe mwasankha. Ngati yanu ili nayo, ikanipo masiku akuluakulu okha, monga "Katenge CAN" pa 21 Disembala. Dziwani kuti zimenezi zimasungidwa m'foni, osati mu simukhadi. Mukasintha foni, muyenera kuzilembanso kuchokera m'kabuku.

Vuto lalikulu la alamu ndi wotchi. Mafoni ena mukachotsa batire, monga pomwe mwalitumiza kokatchajitsa kumsika, tsiku ndi nthawi zimabwerera m'mbuyo. Mudzazindikira poona kuti foni ikuonetsa 00:00, kapena chaka chakale, kapena alamu yalira pakati pa usiku. Nthawi zonse mukabwezera batire, konzani tsiku ndi nthawi pomvera wailesi, kenaka onani ngati kachizindikiro ka belu kakuoneka pamwamba pa galasi.

Fuwa lachitatu: uthenga wa mnzanu

Tsiku lina foni idzathima kapena inu mudzadwala. Apa m'pofunika munthu wachiwiri. Pa kalabu angakhale mlembi, pa esiteti angakhale kapitawo, kapena mlimi mnzanu amene munawokera naye sabata imodzi. Mupatseni masiku anu kuti alembe m'kabuku kake, ndipo mugwirizane kuti azitumiza uthenga kutatsala masiku 4 kapena 5 kuti ntchito ichitike.

Chifukwa chotumizira msanga ndi ichi. Foni yanu ikakhala yozima kapena kunja kwa netiweki, uthenga sutayika nthawi yomweyo. Kampani ya mafoni imausunga n'kumayesa kuutumizanso, koma kwa nthawi yowerengeka chabe, ndipo ikatha nthawiyo uthengawo umafufutika. Choncho ngati netiweki imapezeka pachulu kapena kumsewu kokha, pitaniko ndi foni yoyaka kamodzi pa tsiku.

Uthenga ukhale waufupi, wotchula munda, ntchito ndi deti. Mwachitsanzo: "Munda wa kudambo: thirani CAN Lachiwiri 26 Dis. Katengeni thumba pofika 22 Dis. Flashani mukawerenga." Musalembe kuti "mawa" kapena "mkuja", chifukwa uthenga ukafika mochedwa ndi masiku awiri, mawa lakelo likhala litapita kale.

Uthenga umodzi umatenga zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe. Mukapyola pamenepo mulipira mauthenga awiri. Alembi amene ali ndi mafoni akuluakulu achenjere ndi chilembo cha ŵ ndiponso tizithunzi ta nkhope. Chimodzi chokha mwa izi chikalowa, malire amatsika kufika pa zilembo 70, ndipo pa foni ya mabatani nthawi zina chimangooneka ngati kabokosi. Lembani w wamba.

Amene walandira uthenga ayankhe pongoflasha kamodzi, zomwe sizidya mayunitsi. Wotumiza akaona kuti tsiku lathunthu ladutsa popanda kuflashidwa, adziwe kuti uthenga sunafike, ndipo atume mwana kapena apite yekha. Kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chakuti malo osungira mauthenga adzaza. Mukaona kachizindikiro ka envulopu kakuphethira pagalasi, fufutani mauthenga akale ndi amalonda kuti atsopano alowe. Chitani zimenezi Lamulungu lililonse madzulo.

Yesani musanadalire

Musadikire kuti mvula igwe. Fodya akadali ku nazale, tcherani alamu ndi kupempha mnzanu akutumizireni uthenga woyesera. Mukaona kuti alamu ikulira pa nthawi yake kwa sabata yathunthu, ndipo uthenga wafika mpaka mwaflasha, ndiye kuti mafuwa anu akhazikika.

Kumbukiraninso kuti foni siiona kumwamba. Ngati tsiku lothira CAN lafika koma nthaka ndi youma chifukwa cha ng'amba, dikirani chinyezi, ndipo sinthani tsikulo m'kabuku, m'foni ndi kwa mnzanu yemwe. Mukasintha pamodzi pokha, malo enawo adzakusokeretsani.