Phunziro: Mtengo wa kuzula dzino limodzi ndi khadi la katundu m'kachipatala ka mano ku Katete

Phunziro la lero ndi la inu amene mwamaliza maphunziro a zamano, kaya ku sukulu ya zamano ya ku Lusaka kapena ku yunivesite ya Copperbelt ku Ndola, ndipo mukufuna kutsegula kachipatala kanu ka mpando umodzi pa Katete, pa Sinda kapena ku Vubwi. Tiwerengera limodzi mtengo wa ntchito imodzi yokha, kuzula dzino, chifukwa ndiyo imene anthu ambiri kuno amabwerera. Mukaidziwa njira yake, kumata dzino ndi kutsuka mano mudzawerengera nokha. Ndalama zonse zimene nditchule ndi zophunzitsira chabe; inu mudzaikapo za pa malisiti anu.

Ambiri akatsegula, amatuma mwana kukafunsa mtengo wa mnzawo wa ku Chipata, n'kuchotsapo pang'ono kuti akope anthu. Njira imeneyi ndimaikana. Mnzanuyo lendi yake ndi ina, odwala ake ndi ochuluka mosiyana ndi anu, mwinanso iyeyo akuluza osadziwa. Mtengo wachilungamo uli ndi mbali ziwiri: ndalama ya nthawi imene wodwala wakhala pampando, ndi ndalama ya katundu amene wathera m'kamwa mwake.

Tiyambe ndi mpando. Pali ndalama zimene zimatuluka mwezi uliwonse, kubwere munthu kapena kusabwere. Tinene kuti lendi ndi K4,000, wothandizira wanu amalandira K3,500, magetsi, madzi ndi mafuta a jenereta ndi K2,000. Malaisensi a pachaka, monga a bungwe la HPCZ ndi a khonsolo, muwagawe pa miyezi 12. Tinene kuti abwera K1,000 pamwezi. Kukonzetsa makina ndi kutayitsa zinyalala zachipatala, K2,000. Mpando, kompuresa ndi makina ophikira zida mudagula K180,000, ndipo mukuyembekeza kuti zikutumikirani zaka 10, ndiye kuti miyezi 120, choncho muzipatula K1,500 mwezi ndi mwezi yodzagulira zina. Chotsala ndi malipiro anu, K10,000. Awa musawasiye kunja. Mwini chipatala amene sadzilembera malipiro amangotapa m'kabati ya ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo pakutha pa chaka sadziwa ngati chipatala chapindula kapena ayi. Zonse pamodzi zakwana K24,000.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya, ndiye tikhalepo pang'ono. Mumatsegula masiku 22 pamwezi, maola 8 patsiku, ndiwo maola 176. Mukagawa K24,000 ndi 176, ola limodzi lioneka ngati K136. Koma mpando sukhala ndi munthu maola onsewo. Tsegulani kaundula wa odwala, muwerenge nthawi yeniyeni imene munagwira ntchito. Tinene kuti ndi maola 80. K24,000 kugawa ndi 80 ndi K300. Umenewu ndiwo mtengo woona wa ola la mpando wanu. Amene wawerengera K136 amakhala akugwira ntchito mwakhama, odwala akumuyamika, koma lendi ikamakwana iye n'kumakongola.

Maola 80 amenewa musawatenge pa mwezi umodzi. Kuno ndalama imayenda ndi munda. Kuyambira Juni mpaka cha m'Seputembala, anthu akagulitsa chimanga, soya, mtedza ndi thonje, amabwera ndi dzino limene adalipirira kuwawa kwa miyezi. Mu Januwale ndi Febuluwale ndalama yapita ku feteleza ndi ku sukulu, ndipo mpando umakhala duu. Tengani maola a chaka chonse mugawe ndi 12. Mukawerengera pa Ogasiti, mwezi wa Kulamba ku Mkaika, pamene Katete wadzaza ndi anthu, mtengo wanu udzakhala wotsika kwambiri moti sudzakudutsitsani dzinja.

Kuzula dzino kosavuta kumatenga theka la ola, mukawerengera kufunsa mbiri ya wodwala, kudikira kuti dzanzi ligwire, ndi kupukuta mpando wina asanakhalepo. Ndiye K150. Tsopano katundu. Bokosi la timabotolo 50 ta lidokeni wa 2 peresenti wokhala ndi adirenalini, tija ta mamililita 1.8, mwagula K600; kamodzi ndi K12, ndipo pa dzino limodzi tiwerengere tiwiri, K24. Singano K2. Magolovesi bokosi la 100 ndi mapeya 50 okha, osaiwala. Likakhala la K150, peya ndi K3, ndipo inu ndi wothandizira mwatha K6. Zophimba kukamwa, thonje lolumitsa wodwala, timatumba tophikiramo zida ndi mankhwala opukutira, K18. Katundu yense ndi K50. Kuphatikiza ndi mpando, K200. Onjezani 10 peresenti ya zogwa mwadzidzidzi, monga wodwala wobweranso patapita masiku atatu chilonda chikumuwawa, amene simudzamulipitsanso. Mtengo wafika K220.

Taonani kuti pa K220 katundu ndi K50 yokha. Wodwala akamati, "Adokotala, ka jakisoni kamodzi ndi kuzula kwa mphindi zisanu, ndalama zonsezi?" akunena zimene maso ake aona, ndipo sakulakwa. Mufotokozereni mwaulemu kuti chida chimene chalowa m'kamwa mwake chaphikidwa pa madigiri 134, ndi kuti magetsi akathima, monga zinkachitikira maola ambiri patsiku mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, makinawo amayendera mafuta ogula.

Chilungamo sichithera pa masamu. Mitengo ilembedwe pakhoma pamene aliyense angaione, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo munthu auzidwe mtengo jakisoni asanamubaye. Kumuuza munthu thonje lili m'kamwa kuti ntchito inali yovuta ndiye aonjezere ndalama, kumeneko ndi kumuchenjerera. Ngati mwaona kuti dzino ndi lophwanyika, kapena ndi lakumapeto logona cham'mbali, nenani poyamba kuti lili m'gulu la kuzula kovuta, limene mtengo wake ndi wa ola lathunthu. Ngati zida zanu kapena luso lanu sizifikapo, lembani kalata mumutumize ku chipatala cha St Francis, chimene chakhala chikutumikira anthu a kuno kuyambira 1948, osati kuyesa mwayi chifukwa cha ndalama. Adzabweranso agogo ochokera kutali amene ali ndi K100 yokha yomanga pansonga ya chitenje. Athandizeni ngati mtima wanu watero, koma m'buku lembani mtengo wonse, K220, ndi pambali pake K120 imene mwakhululuka. Mukatero mudzadziwa kuti pamwezi mungathe kunyamula anthu angati otere chipatala osagwa. Amene mwalowa m'pangano ndi NHIMA, kumbukirani kuti kumeneko woika mtengo si inu, ndipo ndalama imabwera pambuyo. Yerekezani mtengo wawo ndi K200 yanu ija musanasaine.

Tsopano ku kabati ya katundu, kumene K50 ija imachokera. Chinthu chilichonse chikhale ndi khadi lake. Pakhadipo pakhale tsiku, zolowa, zotuluka, zotsala, nambala ya gulu la katunduyo yolembedwa pabokosi, tsiku lothera ntchito, mtengo wogulira ndi dzina la wotulutsa. Kope wamba la kusukulu limakwanira, tsamba limodzi chinthu chimodzi. Lamulo ndi lakuti palibe chotuluka m'kabati chisanalembedwe, ngakhale wotenga ndi mwini chipatala.

Khadi limakuuzani nthawi yoitanitsa. Tinene kuti mumazula mano 15 pasabata, timabotolo 30, ndipo ntchito zina zimatha 10. Pasabata ndi 40. Ogulitsa katundu wamano ambiri ali ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 500 pa msewu waukulu wa kum'mawa. Kuyambira tsiku loitanitsa, kulipira, mpaka katundu kutsika pa basi, werengerani masabata awiri, ndiwo timabotolo 80. Onjezani sabata imodzi yodzitetezera, 40. Zikangotsala 120, itanitsani. Kuti wothandizira asavutike kuwerenga, jambulani mzere wofiira pa bokosi lachitatu kuchokera kumbuyo: likangotsegulidwa limenelo, foni ipite ku Lusaka. A ku Vubwi muonjezere sabata ina nthawi ya mvula, chifukwa misewu ya kumeneko siilonjeza tsiku.

Kugula zambiri nakonso kuli ndi msampha wake. Wogulitsa akuuzani kuti mabokosi 20 akupatsani pa K450 limodzi m'malo mwa K600. Zikumveka bwino, K9,000 pa timabotolo 1,000. Funsani tsiku lothera ntchito. Ngati kwatsala miyezi itatu, masabata 13, inu mudzagwiritsa 520 okha, ndipo 480 mudzataya. K9,000 kugawa ndi 520 ndi K17 ndi kanthu pa kamodzi, kuposa K12 ya masiku onse. N'chifukwa chake m'kabati timaika kutsogolo chimene chithe ntchito msanga, ngakhale chitakhala kuti chafika dzulo. Mankhwala muzigula kwa okhawo amene ali ndi chilolezo cha ZAMRA. Otchipa obwera m'chikwama, kaya adutsa pa Chanida kapena kwina, simudziwa kuti akhala padzuwa masiku angati.

Kutentha kumaononga katundu tsiku lake lisanakwane. Timabotolo ta dzanzi tisungidwe pamalo osapitirira madigiri 25, mumdima, osati mufiriza. M'chipinda cha malata chopanda siling'i mu Okutobala muyeso umenewu umapitirira mosavuta, ndipo chimene chimayamba kufooka ndi adirenalini. Mudzazindikira poona kuti dzanzi likutha msanga, magazi akutuluka ochulukirapo, ndipo odwala angapo motsatizana akufuna kabotolo kachitatu. Kwezani kabotolo m'mwamba muunike: madzi ake akhale oyera mbee. Akasanduka achikasu kapena ofiirira, kakakhala ndi thovu lalikulu, kapena kachivindikiro ka labala kakatulukira kunja, tayani. Kompoziti womatira mano amauma akaona kuwala, ndipo ufa wa simenti ya galasi ayonoma umaundana botolo likasiyidwa losatseka m'chinyontho cha dzinja.

Lachisanu lililonse madzulo, werengani ndi manja zinthu zisanu zodula kapena zothamanga kwambiri, muyerekeze ndi khadi ndi kaundula wa odwala. Lolemba munali ndi timabotolo 170. Kaundula akuonetsa kuti mwagwiritsa 40, ndiye payenera kutsala 130. Mwawerenga mwapeza 118. Tasowa 12, ndalama yake K144. Musathamangire kuloza chala wothandizira wanu. Yambani mwafunsa ngati pali tina timene tidasweka kapena kutayidwa osalembedwa, ngati pali achibale amene adathandizidwa osalowa m'kaundula, ndiponso ngati jakisoni wa nsagwada yapansi wakhala akuphonya mpaka kubwereza. Zifukwa zitatuzi zikalephera, ndipo kusowako kukabwereza sabata yotsatira, pamenepo kiyi ya kabati ikhale ndi munthu mmodzi. Mukapeza kuti pa dzino limodzi mumathadi timabotolo titatu, bwererani ku masamu aja: katundu salinso K50 koma K62.

Chomaliza, pafupifupi katundu yense wamano amachokera kunja, ndipo mtengo wake umayenda ndi dola. Powerengera, gwiritsani mtengo umene mudzalipire pogula bokosi lotsatira, osati umene mudalipira miyezi isanu yapitayo. Onaninso masamu onse miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo mukafuna kukweza, matani chidziwitso pakhoma mwezi wathunthu zisanachitike.

Ntchito yanu ya sabata ino: ndi K300 pa ola, werengerani mtengo wa kumata dzino limodzi lakumbuyo ndi kompoziti. Nthawi yake ndi mphindi 45, chubu cha magalamu 4 ndi K800 ndipo chimamata mano 16, katundu wina yense ndi K55. Mubwerenso ndi khadi la magolovesi lolembedwa kwa masabata awiri, loonetsa nambala imene mudzaitanitsirepo.