KUSANDUTSA MITU YA M'NOTSI KUKHALA MAFUNSO A MAYESO

M'midzi yambiri muli anthu amene amasankhidwa kukaphunzira zaumoyo kwa masiku angapo kuti adzathandize anzawo: ena ndi a m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, ena ndi odzipereka amene amathandiza pa sikelo ya ana. Maphunziro otere kaŵirikaŵiri amatha ndi mayeso, ndipo ambiri mwa ophunzirawo adasiya sukulu kalekale. Munthu amabwerera kunyumba ndi kope lodzaza notsi, naliŵerenga usiku uliwonse pa nyali mpaka mawu onse aoneka ngati odziŵika. Koma tsiku la mayeso likafika, funso lili pamaso, mawu aja sabwera.

Chifukwa chake n'chakuti kuzindikira mawu amene ali pa pepala ndi kosiyana ndi kutulutsa mawuwo m'mutu pepala litatsekedwa. Mayeso amafuna chachiŵirichi. M'chaka cha 2006 akatswiri aŵiri a ku Amereka, Roediger ndi Karpicke, adapeza kuti ophunzira amene adadziyesa mwa kukumbukira nkhani adasunga zambiri patapita sabata kuposa amene adangoiŵerenga mobwerezabwereza. Tsono njira yabwino ndi kutenga mutu uliwonse wa m'notsi, kuulembanso ngati funso limene lingabwere pa mayeso, ndi kulemba yankho lachitsanzo pansi pake.

Mwachitsanzo, mayi wina waphunzira za kutsegula m'mimba kwa ana. M'kope mwake muli mitu isanu: Tanthauzo, Kuchepa kwa Madzi M'thupi, Thanzi, Zinki, ndi Kutumiza ku Chipatala. Iye akutenga kope lina, kapena masamba a kumapeto kwa kope lomwelo, nayamba ndi mutu woyamba.

Mutu wakuti "Tanthauzo" suvuta. Funso lake ndi ili: "Kodi mwana amanenedwa kuti akutsegula m'mimba akamachita chiyani?" Yankho: "Akamachita chimbudzi chamadzimadzi katatu kapena kuposerapo pa maola 24." Yankho limeneli ndi lalifupi, koma lili ndi zinthu zitatu zimene wochonga amafuna kuona: mtundu wa chimbudzi, chiŵerengero, ndi nthaŵi. Amene walemba kuti "akamapita kuchimbudzi pafupipafupi" wataya malikisi ngakhale nkhaniyo akuidziŵa.

Mutu wachiŵiri ndi pamene ambiri amalakwira. Njira yaulesi ndi kungoika "kodi" kutsogolo ndi "n'chiyani" kumbuyo, kuti funso likhale lakuti, "Kodi kuchepa kwa madzi m'thupi n'chiyani?" Funso lotere silithandiza, pakuti pansi pa mutuwo notsi sizikunena tanthauzo, zikunena zizindikiro. Wophunzira ayenera kuyamba waŵerenga zimene zili pansi pa mutu, ndipo pokhapo asankhe mawu otsegulira funso. Ngati pali mndandanda, funso liyambe ndi "Tchulani". Ngati pali ntchito yochitika mwa ndondomeko, liyambe ndi "Fotokozani momwe". Ngati pali chifukwa, liyambe ndi "N'chifukwa chiyani". Aŵa ndiwo mawu amene olemba mayeso amagwiritsa ntchito, ndipo aliwonse amafuna yankho la mtundu wake.

Motero mayi uja akulemba kuti: "Tchulani zizindikiro zinayi zoonetsa kuti madzi ayamba kuchepa m'thupi la mwana." Pansi pake akulemba yankho, chizindikiro chilichonse pa mzere wake: mwana savutika kulira ndipo sakhazikika, maso aloŵa m'kati, ali ndi ludzu ndipo akumwa mwaphuma, khungu la pamimba likatsinidwa limabwerera pang'onopang'ono. Chiŵerengero chija cha "zinayi" chili ndi ntchito. Podziyesa, munthu akatchula zitatu amadziŵa yekha kuti chimodzi chatsala. Funso likadangoti "Tchulani zizindikiro", akadatchula ziŵiri nakhutira.

Koma pansi pa mutu womwewo pali mndandanda wachiŵiri, wa mwana amene madzi amuthera kwambiri. Mutu umodzi sukakamizidwa kubala funso limodzi lokha. Apa pafunika lachiŵiri, ndipo labwino koposa ndi losiyanitsa: "Kodi mwana amene madzi amuthera kwambiri amasiyana bwanji ndi amene madzi angoyamba kuchepa?" Yankho: "Woyambayo ndi wolefuka kapena wakomoka, pamene winayo ndi wolira ndi wosakhazikika. Woyambayo sangathe kumwa kapena akumwa movutika, pamene winayo akumwa mwaphuma. Khungu la woyambayo likatsinidwa limatenga masekondi oposa aŵiri kuti libwerere." Funso ili ndi lofunika ngakhale kunja kwa mayeso, chifukwa mwana amene wasiya kulira nangogona phee amanyenga makolo kuti akupezako bwino, chikhalirecho ndiye ali pangozi yeniyeni.

Mutu wakuti "Thanzi" ndi waukulu, ndipo notsi zake zatenga tsamba lathunthu. Chizindikiro chakuti mutu uyenera kugaŵidwa ndi ichi: yankho likapitirira mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, ndiye kuti muli mafunso angapo. Mayi uja akupezamo atatu. Loyamba: "Fotokozani momwe Thanzi amasungunulidwira." Yankho: "Sambani m'manja ndi sopo. Yezani lita imodzi ya madzi oŵiritsa ndi ozizira, kapena othira mankhwala a kulorini, m'chiŵiya choyera. Thirani paketi yonse. Takasani mpaka ufa wonse utasungunuka. Vundikirani, ndipo tayani otsala pakatha maola 24." Lachiŵiri likufunsa muyeso: mwana wosakwana zaka 2 amwe mamililita 50 mpaka 100 nthaŵi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi, ndipo wa zaka 2 mpaka 10 amwe mamililita 100 mpaka 200. Lachitatu ndi lakuti, "Kodi mayi achite chiyani mwana akasanza pomwa Thanzi?" Yankho: "Adikire mphindi 10, kenaka apitirize kumumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni."

Apa pali msampha woipa koposa m'njira yonseyi. Yankho lachitsanzo likalembedwa molakwika, wophunzira amaloŵeza cholakwikacho mwamphamvu, chifukwa njirayi imakhomereza m'mutu chilichonse chimene chalembedwa, chabwino kaya choipa. Mayi uja polemba mofulumira m'kalasi adalemba kuti "mabotolo aŵiri a madzi", osanena kukula kwake. Mabotolo aŵiri a mamililita 500 ndi lita imodzi. Koma aŵiri a mamililita 300 ndi mamililita 600 okha. Paketi yonse ikathiridwa m'madzi ochepa chotero mchere umachuluka, ndipo Thanzi wotere angathe kumuvulaza mwana m'malo momuchiza. N'chifukwa chake yankho lisalembedwe kuchokera m'mutu. Lilembedwe kope lili chitsegulire, ndipo paliponse pamene pali nambala, wophunzira ayerekeze ndi malangizo olembedwa pa paketi kapena afunse mlangizi wa zaumoyo asanayambe kuloŵeza. Mlangizi sangadandaule kuyang'ana masamba aŵiri atatha ntchito ya sikelo.

Pa mutu wa "Zinki" mayiyo adayamba walemba kuti, "Kodi mwana amwe zinki kwa masiku 10 mpaka 14?" Atayang'anitsitsa adaona kuti funsolo laulula yankho, ndipo chotsala ndi kungoti inde. Adalifufuta nalemba kuti: "Kodi mwana wa miyezi 4 ndi mwana wa miyezi 9 amwe zinki wochuluka bwanji, ndipo kwa masiku angati?" Yankho: "Malinga ndi malangizo a m'chaka cha 2004, wa miyezi 4 amwe mamiligalamu 10 pa tsiku, chifukwa sanakwanitse miyezi 6. Wa miyezi 9 amwe mamiligalamu 20 pa tsiku. Onse amwe kwa masiku 10 mpaka 14, ngakhale kutsegulako kutaleka msanga." Malangizo opereka zinki pamodzi ndi Thanzi adaperekedwa ndi Bungwe la Zaumoyo Padziko Lonse pamodzi ndi UNICEF m'chaka cha 2004, kotero amene akuŵerenga notsi zakale zobwereka kwa mnzake sangaupeze mutu umenewu nkomwe. Notsi zobwereka zimafunika kuzisamala pa chifukwa chimenechi.

Mutu wotsiriza ungathe kukhala funso la "Tchulani", ndipo ndi bwino kulilemba: mwana sangathe kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse, akukomoka, ndi wolefuka kwambiri, m'chimbudzi muli magazi, kapena watsegula kwa masiku 14 kapena kuposerapo. Komabe olemba mayeso a zaumoyo amakonda kufunsa mwa kankhani, ndipo wophunzira wanzeru amadzilembera kamodzi kotere: "Mwana wa miyezi 9 wakhala akutsegula m'mimba masiku 3. Akuyamwa bwino ndipo maso sanaloŵe, koma amayi ake aona magazi m'chimbudzi. Kodi mungachite chiyani, ndipo chifukwa chiyani?" Yankho: "Ndingamutumize ku chipatala lero lomwe, chifukwa magazi ndi chizindikiro cha kamwazi, amene amafuna mankhwala a ku chipatala. Panjira apitirize kuyamwa ndi kumwa Thanzi." Funso limodzi lotere limayesa mitu itatu nthaŵi imodzi, ndipo limafanana ndi zimene zidzachitike pa khomo pake usiku wina.

Mitu isanu ija yabala mafunso asanu ndi anayi. Tsono ntchito yeniyeni ikuyamba. Wophunzira aphimbe yankho ndi pepala, aŵerenge funso, ayankhe mokweza kapena alembe pa kapepala, ndipo pokhapo avundukule ndi kuyerekeza mfundo ndi mfundo. Kunena mumtima kuti "ili ndikulidziŵa" n'kusuzumira msanga ndi kubwerera ku kuŵerenga kwakale kuja. Funso limene walephera alichonge ndi pensulo, alibwereze maŵa lake, kenaka pakapita masiku atatu, kenaka pakapita sabata. Asamayambe pa funso loyamba masiku onse, chifukwa mutu umazoloŵera ndondomeko n'kumapereka yankho la zinki pongodziŵa kuti limabwera pambuyo pa la Thanzi. Amene amavutika kuŵerenga angapemphe mwana wa sukulu kuti azimufunsa modumphadumpha.

Njirayi ili ndi malire ake. Imangofunsa zimene zili m'notsi, kotero mutu umene munthu adaujomba suonekera nkomwe. Ndi bwino kuyerekeza mitu ndi kope la mnzake, ndiponso kufunsa mphunzitsi ngati alipo mapepala a mayeso akale kuti aone kafunsidwe kake. Ndiponso pali zina zimene pepala silingaphunzitse. Munthu angalembe molondola kuti khungu litsinidwe pamimba, pakati pa mchombo ndi mbali, koma kusiyanitsa khungu lobwerera pang'onopang'ono ndi lobwerera msanga amakuphunzira ndi zala zake, mlangizi ali pambali. Pafupi ndi mafunso otere mayi uja adalemba mawu akuti "ndikachite ku sikelo", ndipo kunyumba adayeza lita imodzi m'jagi yake nakanda mzere pamene madziwo adalekeza.